Kudya kapena kutseka khomo pa bakigamoni: mmene ndimawerengera madayisi

Loweruka lililonse timasewera bakigamoni, masewera a pabolodi a miyala ndi madayisi awiri, pakhonde pa amalume ku Chilenje, ndipo mkangano wathu ndi umodzimodzi: mwala wa mnzako uli wokha, uudye kapena utseke khomo lako poikapo miyala iwiri kuti mnzako asapondepo? Ine ndinkadya nthawi zonse, chifukwa kwa ife tinakulira pa nsolo ndi dirafuti kudya ndiye masewera. Ndinasintha nditayamba kuwerenga.

Yambani ndi nambala 36. Madayisi awiri amagwa m'njira 36, ndipo 5 ndi 2 muziiwerenga kawiri popeza dayisi lililonse lingatulutse 5, pomwe 5 ndi 5 ndi kamodzi kokha. Mnzanu akamafuna nambala imodzi, ali ndi njira 11. Akamafuna iliyonse mwa nambala ziwiri, ali ndi 20, osati 22, chifukwa kugwa komwe kuli ndi nambala zonse ziwiri simukuwerenga mobwereza. Kenaka onjezani zophatikiza, monga 1 ndi 4 kupanga 5, n'kuchotsa zonse zoponda pa khomo lomwe mwatseka.

Koma zonsezi zimafuna madayisi olungama. Bolodi yanga ndinaigula m'shopu ina ku Kamwala, yotchipa ndithu, ndipo dayisi limodzi linali ndi ngodya yodyeka moti linkakonda mbali imodzi. Gulani madayisi apadera, mtengo wake sufika patali, ndipo muziponyera m'kapu osati m'manja.

Pomwe ndinagwera ndi apa. M'nyumba mwanga ndinali nditatseka makomo 6, 4 ndi 3, pa 6 pali miyala itatu. Pa 5 panali mwala wanga umodzi wokha, pa 8 iwiri, pa 13 itatu. Amalume anali ndi mwala umodzi wotsalira pa khomo langa la 2, kwawo atatseka makomo anayi. Ndinaponya 4 ndi 1. Mwala wachitatu wa pa 6 ukanatha kupita pa 2 kukadya, kapena kusendera pa 5 kukatseka. Ndinadya mosaganiza, 1 ija n'kuisewera kwina. Mumtima ndinkati amalume ali ndi njira 11 basi.

Zoona zake n'zakuti ndinasiya miyala iwiri pambalambanda, pa 2 ndi pa 5. Amalume akulowa kuchokera pa mpanda wapakati, pomwe umakhala mwala wodyedwa, 2 aliyense kapena 5 aliyense akundidya: njira 20. Ndinaiwalanso kuti 1 ndi 4 amalowa pa khomo 1 n'kulumphira pa 5, njira ziwiri, ndipo 1 ndi 1 amafika pa 2, njira imodzi. Zonse 23 mwa 36. Zowalepheretsa kulowa zinali 9 zokha, chifukwa makomo atatu otsekedwa ndi 3 kuchulukitsa ndi 3. Anaponya 4 ndi 1 yemweyo, akuseka amvekere, "Mphwanga, wandipatsa wekha."

Chinandipweteka kwambiri ndi phindu lomwe ndinkathamangira. Kudya mwala wa pa khomo 2 kunawabweza masitepe awiri okha. Wanga wa pa 5 utadyedwa unabwerera masitepe 20, n'kukapeza makomo anayi otsekedwa, pomwe njira 16 mwa 36 sizilowa. Ndinakhala pampanda maulendo awiri ndikungoyang'ana.

Ndikanatseka, makomo 6, 5, 4 ndi 3 akanakhala mzere umodzi. Nambala 4 ndikanaisewera kuchoka pa 13 kufika pa 9. Mwala umenewo ukanakhala wokha, masitepe 7 kuchokera kwa amalume, ndipo pabolodi yopanda zotchinga 7 amapezeka m'njira 6. Koma 6 ndi 1 ikuponda pa 8 kapena pa 3, 4 ndi 3 ikuponda pa 6 kapena pa 5, ponseponse potseka. Yotsala ndi 5 ndi 2 yokha, njira ziwiri. Ziwiri poyerekeza ndi 23! Kunalinso njira yapakati, kudya n'kukweza wa pa 5 kupita pa 4, zomwe zimasiya njira 12, koma khomo la 5 ukulitaya, ndipo limenelo ndi khomo lomwe sindifuna kulisiya.

Tsopano ndisanagwire mwala ndimawerenga njira zomwe mnzanga angandibwezere, kenaka ndimayang'ana makomo a kunyumba kwake. Akatseka limodzi kapena awiri, idyani, mulowa mosavuta: makomo awiri amakukanizani njira 4 zokha. Akatseka asanu, njira zolowera ndi 11, musasiye mwala wokha pokhapokha palibe kuchitira mwina. Idyaninso mukakhala m'mbuyo kwambiri pa mpikisano, kapena mwala wakewo ukakhala kuti wayenda kale mtunda wautali, chifukwa pamenepo wotaya masitepe ambiri ndi iye.