Lembani dzina la mwezi mu imelo

Mukalemba 03/04/2025, mnzanu wa ku Lilongwe kapena ku London awerenga kuti ndi pa 3 Epulo, pomwe wa ku America awerenga kuti ndi pa 4 Malichi, chifukwa kumeneko amayamba ndi mwezi. Chisokonezochi chimakhalapo tsiku likakhala la 12 kapena kucheperapo. Choncho lembani motere: Lachinayi, pa 3 Epulo 2025, nthawi ya 15:00 ku Malawi. Dzina la tsikulo limathandizanso, pakuti wina akaona kuti silikugwirizana ndi kalendala, afunsa msanga.

Za nthawinso musangoganizira. Ku Britain amasintha mawotchi, ndiye mu Epulo amatsalira ndi ola limodzi, koma mu Januwale ndi maola awiri. Ndipo mukamapempha lipoti, mawu oti "pofika Lachisanu" sakwanira. Nenani ola lenileni limene lipotilo likufunika.