Kagwiritsidwe ka buku la mamakisi lotaya tesiti imene mwana walakwa kwambiri

Buku la mamakisi ili ndi la pakompyuta, ndipo limatseguka mu Excel, LibreOffice Calc kapena Google Sheets. Limaphatikiza nchito ya m'kalasi ndi mayeso, ciliconse monga mwa kulemera kwake, ndipo pa matesiti aang'ono asanu a pa temu limataya imodzi imene mwana aliyense wapata mamakisi ocepa. Ndi la mamakisi a pasukulu panu cabe. Mamakisi opita ku ECZ atsatire malamulo a ECZ.

Yambani ndi mzere woyamba, umene uli wa kulemera. Mu G1 lembani 15 wa matesiti, mu H1 25 wa nchito yakunyumba ndi mapulojekiti, mu I1 20 wa mayeso a pakati pa temu, mu J1 40 wa mayeso otsekera temu. Motero nchito ya m'kalasi yatenga 40, mayeso 60. Ngati dipatimenti yanu inagwirizana manambala ena, lembani amenewo, malinga K1, mmene mulembemo =SUM(G1:J1) kuti iwaphatikize, ionetse 100. Mzere waciwiri ndi wa mitu. Maina a ana ayambire pa A3, ndipo matesiti awo, iliyonse ya pa 20, alowe mu B kufika F. Mu H, I ndi J muzilemba maperesenti.

Mabokosi awiri awa musalembemo nambala ndi dzanja. Lembanimo mafomula awa, yoyamba mu G3 ya peresenti ya matesiti, yaciwiri mu K3 ya mamakisi onse a pa temu:

```
=(SUM(B3:F3)-MIN(B3:F3))/(COUNT(B3:F3)-1)/20*100
=SUMPRODUCT($G$1:$J$1,G3:J3)/100
```

Kokerani onse awiri pansi kufikira pa mwana womaliza. Zizindikiro za $ zisiyeni mmene zilili, cifukwa ndizo zimagwira mzere wa kulemera kuti usatsike pamodzi ndi maina.

Musanalowetse kalasi lonse, yesani ndi mwana mmodzi. Lembani matesiti 14, 17, 6, 15 ndi 18. Onse pamodzi ndi 70. Buku licotsa 6, patsala 64, ndipo 64 kugawa panayi ndi 16 pa 20, ndiye G3 ionetse 80. Lembaninso 70 mu H3, 55 mu I3 ndi 62 mu J3. Matesiti apereka 12, nchito yakunyumba 17.5, mayeso a pakati 11, otsekera 24.8, ndipo K3 iyenera kuonetsa 65.3. Tesiti ya 6 ija ikanakhalapo, mwanayu akanapata 63.8. Mukuona kuti kutaya tesiti sikukweza kwambiri mwana amene sanawerenge, kumangomuteteza pa tsiku limodzi limene anabwera ali ndi malungo kapena anacedwa ndi mvula.

Pamene aphunzitsi ambiri amalakwitsa ndi pa mwana amene sanalembe tesiti. Musasiye bokosi lake lopanda kanthu, ndiponso musalembemo mawu kapena kamzere. Lembani 0. SUM, MIN ndi COUNT siziona bokosi lopanda nambala, conco zimatenga ngati matesiti anali anayi, n'kutayanso ina pa anayiwo. Yesani nokha: fufutani 6 uja. Buku litaya 14, ligawa 50 patatu, ndipo G3 ikwera kufika 83.3. Mwana amene anajomba waposa mnzake amene anabwera n'kulemba, ndipo palibe cenjezo lililonse limene lioneke pasikirini. Mukalemba 0, ndiye amene atayidwe, ndipo G3 ibwerera pa 80. Wojomba kawiri, 0 mmodzi yekha ndiye atayidwe, winayo awerengedwa. Ngati anali ndi kalata ya kucipatala, kambiranani ndi akulu a dipatimenti kuti alembe tesiti ina. Bokosi lopanda kanthu n'lololedwa pokhapo pamene kalasi lonse silinalembe tesitiyo.

Cinanso, matesiti onse akhale a mamakisi ofanana. MIN imayang'ana nambala yocepa, sidziwa kuti tesiti inali ya pa angati. Mwana akapata 9 pa 10 ndi 12 pa 30, buku litaya 9, imene ndi 90 peresenti, n'kusunga ya 40 peresenti. Ngati matesiti anu amasiyana conco, asandutseni maperesenti musanawalowetse, ndipo 20 wa mu G3 mumusinthe akhale 100, n'kukokeranso G3 pansi.

Mukaona #DIV/0! mu G, ndiye kuti mwanayo ali ndi tesiti imodzi cabe, ndipo ikatayidwa palibe cotsala cogawa. Cizindikiroci cicoka mukalowetsa yaciwiri. Nambala ya mu K nayo musaiike pa lipoti mayeso otsekera asanalowe mu J, cifukwa bokosi lopanda kanthu pamenepo limawerengedwa ngati 0, ndipo mwana wa 65.3 uja aoneka ngati wapata 40.5.