Momwe ndinabwezetsera ndalama ya tikiti ndege itakanika kunyamuka

Malume anamwalira Lachiwiri ku Katete, maliro tinaika Lachisanu. Mchemwali wanga amakhala ku Joni, ndinamugulira tikiti ya Lachinayi yofika ku Lusaka kuti akwere basi usiku, koma ali pa eyapoti anangomva kuti ndege yakanika kunyamuka, ina ndi Loweruka. Tinaika malume iye akulira pa foni.

Kampani ya ndege inati itipatsa vocha yodzagulira tikiti ina m'malo mobweza ndalama. Vocha yopita kuti, poti maliro anatha? Kalata yanga yoyamba inali ya masamba awiri, yodandaula yokhayokha, sanayankhe.

Yachiwiri ndinaifupikitsa. Pamwamba ndinaika khodi ya bukingi ija ya zilembo 6, nambala ya tikiti ya manambala 13, dzina la mchemwali momwe lilili mu pasipoti, nambala ya ndege ndi tsiku. Kenako mawu ochepa: ndege munaimitsa ndinu, ya Loweruka sitinaivomere chifukwa maliro anali Lachisanu, vocha sitikuifuna, bwezani ndalama yonse pa khadi yomwe ndinalipirira pasanathe masiku 14. Ndinaphatikizapo meseji yawo yoimitsa ndege, risiti ndi chikalata cha imfa.

Chomwe chinatipulumutsa nchakuti mchemwali sanadine batani lovomera ndege ina kapena vocha, chifukwa ukangovomera amati nkhani inatha. Komanso tikiti ndinagula kwa iwo eni, mukagula kwa ejenti amakubwezerani kwa ejentiyo.

Anandipatsa nambala ya dandaulo, ndimaitchula nthawi zonse poimba. Ndalama inalowa sabata yachisanu, tinagulira simenti ya pamanda.