Vumbwe anandimalizira nkhuku, khola ndinalikonza chonchi

M'sabata ziwiri ndinataya nkhuku zisanu. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi msulu, koma mapazi omwe ndinapeza m'matope kuseri kwa khola anali ozungulira, zala zinayi, opanda zizindikiro za zikhadabo. Ameneyo ndi vumbwe, chifukwa mphaka amabisa zikhadabo akamayenda. Msulu zikhadabo zake zimaoneka, ndipo amakonda kukumba pansi.

Vuto linali mpata pakati pa denga laudzu ndi khoma lamabango. Dzanja langa linkalowa bwinobwino. Ndinakweza khola mita imodzi pa mizati inayi, pansi ndinakhoma matabwa mothinana, m'mbali monse ndi pamwamba pansi pa udzu ndinakutira waya wa mabowo a theka la inchi. Waya wankhuku wamba uja ndinausiya: ndi wofewa, amapindika, ndipo mabowo ake likongwe amadutsa.

Mizati ndinaikulunga ndi malata osalala kuti chilombo chiziterereka. Makwerero ndimachotsa dzuwa likalowa, chitseko ndimatseka ndi loko, chifukwa kamtengo kopingasa kaja kankagwa kokha. Miyezi itatu tsopano, palibe nkhuku yasowa, ngakhale mapazi aja ndimawaonabe pansi pa khola.