Chaputala cha njira zofufuzira: pa chilichonse mwasankha, nenani chifukwa

Ophunzira zachuma kuno ku Mzuzu akandibweretsera chaputala chachitatu, nthawi zambiri ndimapeza alemba zimene anachita koma chifukwa chake palibe. Oyesa pepala lanu akufuna chifukwacho.

Tiyerekeze kuti mukufufuza mmene mphamvu ya kwacha imakhudzira mitengo ya masheya pa msika wa ku Blantyre, ndipo mwatenga deta ya mwezi ndi mwezi kuyambira Januwale 2013 mpaka Disembala 2022. Imeneyo ndi miyezi 120. Musangolemba kuti ndiyo deta imene munapeza. Fotokozani kuti mu Meyi 2012 boma linasiya kuumiriza mtengo wa kwacha, nkuilola kuti iziyenda ndi msika. Zaka za mmbuyomo mtengo wake unkakhala malo amodzi kwa nthawi yaitali, choncho kuziphatikiza ndi zaka zotsatira kuli ngati kuyeza mbewu ziwiri mu thumba limodzi. Chiganizo chimenechi chokha chateteza sampulo yanu.

Koma mkati mwa miyezi yanuyo muli Meyi 2022, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Musabise. Ikani variyebo imene ili 0 mweziwo usanafike ndi 1 kuyambira pamenepo, ndipo nenani kuti mwaiika kuti kugwa kwa tsiku limodzi kusapotoze zotsatira zonse.

Variyebo iliyonse ikhale ndi muyeso ndi gwero lake. Masheya ndi MASI, muyeso wa mitengo ya masheya onse a pa msikawo, ya pakutha pa mwezi, mtengo wa dola ndi wa ku Reserve Bank, ndipo mutchule ngati ndi wogulira, wogulitsira kapena wapakati.

Pamene ambiri amapunthwa ndi posankha njira yowerengera. Mtsikana wina anabwera akusangalala ndi R² ya 0.94 imene anapeza ndi OLS. Nditayang'ana Durbin-Watson inali 0.2. Mukaona R² yaposa Durbin-Watson, kaikirani: mwina variyebo zanuzo zikungokwerera limodzi chaka ndi chaka popanda ubale weniweni. Ndiye musanasankhe njira, yesani kaye ngati mndandanda uliwonse uli wokhazikika. Mu Stata, mutachita kale tsset pa miyezi yanu ndi kupanga lnmasi, imene ndi logarithm ya MASI, lembani:

```
dfuller lnmasi, lags(1) trend
dfuller D.lnmasi, lags(1)
```

Mzere woyamba ukuyesa manambala momwe alili, wachiwiri ukuyesa kusiyana kwa mwezi uno ndi watha. Chitani chimodzimodzi kwa onse. Ngati ena akhazikika momwe alili, ena atachotseredwa kamodzi, ARDL ndiyo ikuyenera, ndipo chifukwa cholemba mu chaputala ndi chimenecho, osati chakuti anzanu a chaka chatha anaigwiritsa ntchito. Malire ake muwanenenso: variyebo yofuna kuchotseredwa kawiri, ARDL siilandira.

Pomaliza, onetsani mmene munasankhira miyezi yobwerera mmbuyo, kaya ndi AIC kapena SBC. Pa miyezi 120, mukabwerera miyezi 12 pa variyebo zinayi, zoti muwerengere zifika pafupifupi 50 ndipo deta yatsala ndi miyezi 108 yokha. Yambani ndi inayi.