Momwe mungakhazikitsire waifai ya alendo kuti asafike pa makompyuta anu

Kwathu ku Kapata nyumba imadzaza kumapeto kwa Febuluwale. Abale ochokera ku Lusaka ndi ena olowera pa Mwami amagona kwathu popita ku Nc'wala ku Mtenguleni, ndipo akangomwa madzi, funso lotsatira limakhala la pasiwedi ya waifai. Mlendo sumumana. Koma pa waifai yomweyo pali laputopu imene ndimalemberapo maakaunti a kasitolo kanga, kompyuta ya mayi a kunyumba ndi pulinta. Aliyense amene wapatsidwa pasiwediyo amakhala ngati walowa m'chipinda chimodzi ndi zipangizozi. Foni yake ikhoza kuziona, ndipo ngati ili ndi pulogalamu yoipa imene mwiniwake sakuidziwa, nayonso ikuziona.

Tivi ya intaneti ndi kamera ya pageti ndimaziwerengeranso ngati alendo. Zipangizo zotere zambiri zimasiya kulandira mapulogalamu okonza zolakwika patangopita zaka zochepa, ndipo zina zimakhala ndi pasiwedi ya kufakitale moyo wake wonse. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera ndi marauta ochuluka pongoyesa mapasiwedi akufakitale amenewa. Ndiye cholinga chathu n'chakuti alendo ndi zipangizozi azipeza intaneti, koma njira yopita ku makompyuta ikhale yotseka.

Ndifotokoza pa rauta yanga ya TP-Link yolowetsa simukhadi. Pa marauta ena mayina amasiyanako pang'ono, koma ntchito ndi yomweyo.

Yambani ndi kulowa mu rauta. Muli pa waifai yanu ya masiku onse, tsegulani Chrome n'kulemba adiresi imene ili pa kapepala ka pansi pa rauta. Yanga ndi 192.168.1.1, zina zimakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.8.1. Ngati pasiwedi yolowera ikadali admin, isintheni musanachite china chilichonse, chifukwa amene angalowe pamenepa akhoza kufafaniza zonse zimene tikonze.

Apa ndiikepo chenjezo la kogula. Marauta ogwiritsidwapo kale ntchito amene amagulitsidwa pa matebulo m'tauni ndi otsika mtengo ndithu, koma ena amabwera ndi pasiwedi ya mwini wakale, ena ndi okhomedwa kuti azilandira simukhadi ya kampani imodzi yokha. Wogulitsa akakuuzani kuti "imalandira zonse", muuzeni ayatse pomwepo, muikemo simukhadi yanu, ndipo muone ndi maso anu ngati m'kati muli mawu akuti Guest Network. Pa timarauta tambiri ta m'thumba mawuwa palibe. Mukafika nayo kunyumba, dinani kabatani ka Reset ndi phini mpaka magetsi ake aphethire, kuti zonse za mwini wakale zichoke.

Mukalowa, pitani pa Advanced, kenako Guest Network, muyatse. Ipatseni dzina losiyana ndi la waifai yanu. Ine ndinangolemba Alendo, popanda dzina la banja. Ngati rauta yanu ili ndi 2.4GHz ndi 5GHz, onetsetsani kuti 2.4GHz yayatsidwa, chifukwa makamera ambiri ndi mababu a waifai sadziwa ina koma imeneyo, komanso ndiyo imadutsa bwino makoma a njerwa. Pa Security sankhani WPA2-PSK. Musaisiye yopanda pasiwedi poganiza kuti ndi ya alendo basi, bandulo idzathera kwa odutsa pamsewu. Pasiwedi siyenera kuchepera zilembo 8, koma mawu anayi achichewa osagwirizana olumikizidwa pamodzi ndi abwino kwambiri, ndipo agogo akhoza kuwalemba osavutika.

Pa tsamba lomwelo pali timabokosi tiwiri timene ndi mtima wa ntchito yonseyi. Koyamba kalembedwa Allow guests to access my local network. Kameneka kakhale kosachonga nthawi zonse. Mukachonga, waifai ya alendo imangokhala khomo lachiwiri lolowera m'nyumba yomweyo. Kachiwiri ndi Allow guests to see each other, kamene kamalola zipangizo za pa waifai ya alendo kuonana zokhazokha. Nakonso kasiyeni kosachonga pakadali pano, tidzakabwerera pa nkhani ya kamera. Dinani Save.

Tsopano pamene ine padandivuta. Rauta yanga inali kuchipinda chochezera, ndipo waifai siinkafika bwino ku zipinda za kuseri kumene alendo amagona. Ndinali ndi rauta ina yakale, choncho ndinagula waya wa netiweki wa mamita 20, ndinautulutsa pa bowo la LAN la rauta yoyamba n'kukaulowetsa pa bowo la WAN, lolandirira intaneti, la yachiwiriyo. Waifai ya alendo ndinaiyatsa pa rauta yachiwiri, timabokosi tonse tiwiri tosachonga, ndipo ndinakhutira kuti ndamaliza. Panapita miyezi ingapo zili choncho.

Mwana wa mlongo wanga, amene amaphunzira za makompyuta, atabwera pa tchuthi anakhala pa khonde la kuseri ndi foni yake, kenako anandiitana.

"Amalume, tabwerani muone. Ine ndili pa waifai ya alendo, koma iyi si pulinta yanu?"

Pa foni yake panali tsamba la pulinta yanga, likuonetsa kuchuluka kwa inki yotsala. Anangolemba 192.168.1.50 mu Chrome, tsamba n'kutseguka. Atalemba 192.168.1.1, rauta yaikulu inamufunsa pasiwedi. Mtima unandigunda, chifukwa pa kompyuta ya mayi a kunyumba panali foda yogawana imene ndinkaikamo mabuku a ngongole za makasitomala.

Anandifotokozera chifukwa chake, ndipo n'chomveka mukachiona. Rauta yachiwiri inali ndi netiweki yakeyake ya 192.168.0.x, ndipo ndiyo imene inkaitchinjiriza kwa alendo. Chilichonse chimene chili kutsidya kwa bowo la WAN, iyo imachitenga ngati intaneti, ndipo ntchito ya waifai ya alendo ndi kulola anthu kupita pa intaneti. Koma kutsidya kwa bowolo kunali netiweki yanga ya 192.168.1.x, yokhala ndi laputopu, kompyuta ndi pulinta. Rauta yoyamba nayo inkaona yachiwiriyo ngati chipangizo cha pakhomo cholumikizidwa ndi waya, ndiye sinkaikaniza kanthu. Palibe rauta imene inalakwa pamenepa, kalumikizidwe ndi kamene kanali kopotoka. Zofanana nazo zikhoza kuchitika mukaika rauta yachiwiri pa Access Point, pamene imangofalitsa netiweki ya yoyamba, kapena mukagwiritsa ntchito kachipangizo kotalikitsa waifai, chifukwa si zonse zimene zimatha kusunga malire a alendo zikakhala kuti si ndizo zolamulira netiweki.

Tinakonza tsiku lomwelo. Tinazimitsa rauta yachiwiri, yoyamba tinaichotsa kuseri kwa tivi n'kuiika pamwamba pa kabati m'pasaji, pakati pa nyumba, ndipo waifai ya alendo tinaiyatsa pa iyoyo. Ku zipinda za kuseri imafika ndi timizere tiwiri, tokwanira WhatsApp ndi mpira. Lamulo lake ndi lakuti waifai ya alendo iyatsidwe pa rauta imene ili ndi simukhadi kapena imene waya wa intaneti umayambira kulowa.

Amene rauta yawo ya simukhadi ilibe Guest Network asataye mtima, vuto langa lomweli lili ndi njira m'kati mwake. Tembenuzani dongosolo. Alendo, tivi ndi kamera akhale pa rauta yoyamba, makompyuta ndi pulinta zikhale pa yachiwiri, waya uchoke pa LAN kupita pa WAN monga ndinachitira. Zikatero makompyuta amatuluka kupita pa intaneti bwinobwino, koma wa pa rauta yoyamba sangayambitse kulankhula ndi zimene zili kuseri kwa yachiwiri. Maadiresi a marauta awiriwa asafanane. Ngati onse ndi 192.168.1.1, sinthani wachiwiri ukhale 192.168.2.1.

Njira iliyonse imene mwatsata, yesani. Ine chimene sindinachite poyamba ndi chimenechi. Pa kompyuta ya Windows imene ili pa waifai yaikulu, tsegulani Command Prompt mulembe:

```
ipconfig
```

Nambala ya pa IPv4 Address ndiyo adiresi ya kompyutayo. Ya pulinta mumaipeza pa kagalasi kake kapena pa mndandanda wa zipangizo mu rauta. Tsopano tengani foni, muzimitse deta ya simukhadi, mulowe pa Alendo, mulembe adiresi ya pulinta mu Chrome. Tsamba lisatseguke. Ngati muli ndi laputopu ina, ilowetseni pa Alendo mulembe izi, koma muike adiresi ya pulinta yanu m'malo mwa yangayi:

```
ping 192.168.1.50
```

Mukaona Request timed out kapena Destination host unreachable, zili bwino. Mukaona Reply from 192.168.1.50 yotsatiridwa ndi bytes=32, khomo likadali lotsegula. Yesani ndi pulinta, osati ndi kompyuta yokha, chifukwa Windows nthawi zambiri siyankha ping ngakhale njira itakhala yotsegula, ndiye kukhala chete kwake kukhoza kukunamizani.

Zatsala n'zopepuka. Pa tivi, iwalitsani waifai yakale ndipo lowani pa Alendo. Kamera imafuna kuilumikiza mwatsopano kudzera mu pulogalamu yake, ndipo kawirikawiri imafuna kuonana ndi foni pa nthawi yoikonzayo. Lowetsani foni pa Alendo, chongani Allow guests to see each other kwa mphindi zochepa, mukamaliza chotsani. Makamera amene amatumiza zithunzi kudzera pa intaneti mudzawaonabe pa foni muli pa waifai yaikulu. Chimene chidzasiya ndi kuponya kanema kuchokera pa foni kupita pa tivi, poti sizikuonananso. Pa YouTube gwiritsani ntchito Link with TV code, imagwira ngakhale zili pa manetiweki osiyana. Pulinta isiyeni kumene kuli makompyuta.

Ngati pali pochepetsera liwiro la alendo, chepetsani, bandulo ndi yodula. Zimitsani WPS, njira yolowetsera chipangizo pa waifai popanda kulemba pasiwedi. Pasiwedi ya waifai yaikulu isintheni tsopano, poti alendo akale akadali nayo m'mafoni. Ya alendo ine ndimaisintha Nc'wala ikatha, ngakhale zikutanthauza kulowetsanso tivi ndi kamera, ndipo yatsopano ndimailemba pa kapepala n'kumata kuseri kwa chitseko cha chipinda cha alendo.