Momwe mungamutenthetsere mtima bebi wanu musanakwere basi yopita kukamuona

Tiyerekeze inu muli ku Lilongwe, mwini mtima wanu ali ku Mzuzu, mwagwirizana kuti mufika Lachisanu. Poyamba penipeni musalembe kalikonse ndalama ya thiransipoti isanagwirike m'manja. Kumuuza munthu kuti "ndikubwera" kenako pa Lachinayi n'kuyamba zoti malipiro achedwa, ulendo winawo ngakhale mulembe zokoma bwanji azingoyankha kuti "tiona mukafika".

Ndalama ikapezeka yambani Lolemba, osati kudakali mwezi wathunthu, nkhani imazizira. Meseji yoyamba ikhale yaifupi, "Lachisanu usapangane ndi munthu, madzulowo ndi anga." Basi, musawonjezere. Ngati mwabukitsa kochi jambulani tikitiyo mumutumizire pa watsapu, chithunzi chimenecho chimaposa ma "ndakusowa" onse amene mungalembe.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndipomwe ambiri amalakwitsa, amangobwereza ndakusowa ndakusowa mpaka winayo kusowa choyankha. Tchulani chinthu chenicheni chimene mukuchifuna kumeneko. "Ndakhumba kondowole wako uja, ndiwo usavutike ndibwera nazo." Kapena mufunseni zomupatsa chochita, "kukuzizira bwanji kumeneko, nditenge juzi kapena undifunditsa ndiwe?" Funso lotere munthu amayankha akumwetulira yekha, ndipo amayamba kukonzekera, mwina mpaka kukamangitsa tsitsi. Kamphatso mukagula musanene kuti ndi chani, ingonenani kuti muli kena kake m'chikwama ndipo angakakamize bwanji musaulule.

Lachinayi usiku siyani kutayipa, tumizani voisi noti yaifupi, mawu anu amve. Koma zija zakuchipinda samalani nazo, mafoni athuwa amabwerekedwa, mng'ono wake akhoza kukhala akuonera mavidiyo pomwepo.

Tsiku laulendo musamulembere mphindi iliyonse, mungomutopetsa komanso batire ikutherani panjira. Tsatirani malo a pa M1. Basi ikanyamuka, ndikutitu ikanyamuka osati mukangokwera chifukwa za pa depoti zija zimadikira kudzadza, lembani "tanyamuka". Pa Kasungu, "ndayandikirako pang'ono, mtima uli phaphapha". Pa Jenda pamene pali rodibuloko komanso amayi ogulitsa tomato ndi mbatata, mufunseni "ndikugulire chani pano?" Musanalowe m'nkhalango ya Chikangawa muuzeni kuti netiweki mwina ivuta, asaganize kuti mwazimitsa foni dala kapena kwachitika ngozi.

Mukaona kuti mayankho ake afupika, akungoti "ok" kapena akuchedwa kuyankha, musawonjezere mameseji, imbani kamodzi mumve ngati pulogalamu ikadali momwemo, ndi bwino kudziwira ku Lilongwe kusiyana n'kukaima pa depoti ya Mzuzu usiku ndi chikwama foni yake isakupezeka. Ndipo bandulo gulani dzulo lake, musiyeko ndi kayunitsi koimbira mukatsika.